Njira yaifupi pamapu, yaitali pa lole

Funso la sabata ino labwera pa imelo kuchokera kwa mayi wina wa kuno ku Mangochi:

"Ndimayang'anira kayendedwe ka malole atatu amene amanyamula chimanga ndi feteleza pakati pa madepoti athu. Mphwanga anaphunzira za kompyuta, ndiye anatipangira pulogalamu yopeza njira yaifupi kwambiri. Koma madalaivala akuikana njirayo, ndipo akaitsata amafika mochedwa kuposa nthawi imene pulogalamu yanena. Abwana ayamba kuganiza kuti anyamatawa akuzemba ntchito. Kodi cholakwika chili pa pulogalamu kapena pa madalaivala?"

Mayi, zikomo pondilembera. Musanaitane dalaivala aliyense ku ofesi, khalani pansi ndi mphwanuyo muone manambala amene anaika pa misewu. Ndikukhulupirira kuti pulogalamuyo ikuwerengera molondola. Vuto ndi lakuti ikuyankha funso la makilomita, pamene inu ndi abwana anu mukufunsa za mphindi.

Kompyuta siona msewu monga tiuonera ife. Imaona mfundo, zomwe ndi madepoti ndi mphambano, ndipo pakati pa mfundo ziwiri imaona chigawo cha msewu chokhala ndi nambala imodzi. Nambalayo ndiye mtengo wodutsa pamenepo. Njira yowerengera imene ambiri amagwiritsa ntchito ndi ya Edsger Dijkstra, katswiri wa ku Netherlands amene anaiganiza mu 1956 n'kuisindikiza mu 1959. Ntchito yake ndi imodzi basi: kupeza njira imene manambala ake akaphatikizidwa amakhala ochepetsetsa. Kaya manambalawo ndi makilomita, mphindi kapena malita a dizilo, iyo sidziwa ndipo sifunsa.

Tiyeni tiyerekeze kadera kakang'ono, ndi manambala ongophunzirira. Depoti yanu ya pa boma tiitche A, ndipo kumene mukupita tikutche E. Pakati pali mphambano zitatu, B, C ndi D. Kuchokera pa A kufika pa B pali makilomita 12 a tala, B kufika D ndi 10 a tala, D kufika E ndi 5 a tala. Palinso misewu yafumbi: A kufika C makilomita 7, C kufika D makilomita 9, ndi kamsewu kolumikiza C ndi B ka makilomita 4.

Timayamba polemba 0 pa A. Kenako timalemba mtengo wofikira pa mfundo zoyandikana nayo: C ndi 7, B ndi 12. Lamulo lake n'lakuti nthawi zonse titenge mfundo ya nambala yochepetsetsa imene sitinaimalize, ndiye titenga C. Kuchokera pa C, D ikhala 7 kuphatikiza 9, yomwe ndi 16. Ndipo taonani, kufika pa B kudzera pa C ndi 11, kuchepera 12 uja, choncho tifufuta 12 n'kulemba 11. Tsopano titenga B. Kupita ku D kudzera pa B ndi 21, kuposa 16 amene tili naye kale, ndiye sitisintha kanthu. Titenga D, ndipo E ikhala 21. Yankho la kompyuta ndi A, C, D, E, makilomita 21. Njira ya tala yokhayokha, A, B, D, E, ndi makilomita 27. Pamenepa palibe chimene yalakwitsa.

Tsopano tifufute makilomita onse n'kulemba mphindi. Kawerengedwe kake ndi aka:

```
mphindi = makilomita / liwiro * 60
```

Tinene kuti lole yodzaza matumba imayenda makilomita 60 pa ola pa tala, koma pa msewu wafumbi wa mabampu ndi mchenga imayenda 20 okha. Zigawo za tala zikhala mphindi 12, 10 ndi 5. Zafumbi zikhala mphindi 21 kuchokera A kufika C, 27 kuchokera C kufika D, ndi 12 pa kamsewu kolumikiza kaja. Tikabwereza masitepe omwe aja, B ndi 12 ndipo C ndi 21, ndiye nthawi ino tiyamba ndi B. D ikhala 22. Tikadzatenga C, kupita ku D kudzera kumeneko ndi 48, sikungapikisane ndi 22. E ikhala 27. Njira ya tala, yaitali ndi makilomita 6, itenga mphindi 27, pamene "yachidule" ija itenga mphindi 53. Pulogalamu ndi yomweyo, misewu ndi yomweyo, tangosintha nambala ya pa chigawo chilichonse ndipo yankho latembenuka. Dalaivala wokana njira ya C wachita masamu amenewa m'mutu mwake, chifukwa msana wake ukuidziwa misewuyo.

Mwina mphwanu ayankha kuti nthawi anaiwerengera kale, pogawa makilomita onse ndi liwiro limodzi la pakati. Apa pali msampha umene umagwira anthu ambiri. Lole ikayenda makilomita 10 pa liwiro la 60 ndi ena 10 pa liwiro la 20, munthu amafulumira kunena kuti liwiro la pakati ndi 40, ndiye ulendowo ndi wa mphindi 30. Koma gawo loyamba ndi mphindi 10, lachiwiri ndi mphindi 30, zonse pamodzi 40. Liwiro lenileni la pakati ndi 30, chifukwa galimoto imathera nthawi yambiri pamalo oipa. N'chifukwa chake nthawi iyenera kuwerengedwa chigawo ndi chigawo, kenako n'kuphatikiza.

Nanga liwirolo pulogalamu imalitenga kuti? Ngati mapu anachokera ku OpenStreetMap, monga amachitira ambiri popeza ndi aulere, msewu uliwonse umakhala ndi zizindikiro zolembedwa ndi anthu odzipereka, zonga izi:

```
highway=secondary
surface=unpaved
maxspeed=50
```

Mapulogalamu monga OSRM amawerenga zizindikirozi. Pamene palibe maxspeed, amapereka liwiro longoganizira malinga ndi mtundu wa msewu. Pamene palibe surface, sadziwa kuti msewuwo ndi wafumbi, ndipo amatha kuuwerengera ngati wabwinobwino. Komanso makonzedwe amene anthu amayamba nawo ndi a galimoto yaing'ono, osati lole ya matani 10 yonyamula matumba 200 a makilogalamu 50. Ndiye mphwanu ayang'ane zinthu ziwiri zimenezi choyamba: zizindikiro za misewu imene mumadutsa, ndi mtundu wa galimoto umene pulogalamu ikuganizira.

Ngakhale zimenezo zitakonzedwa, Mangochi ili ndi zinthu zimene nambala imodzi pa msewu singazinyamule. Taganizani za M3 kuchoka pa boma, kuwoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, n'kuyamba kukwera mapiri kulowera ku Namwera ndi ku Chiponde. Pamapu mtunda wopita ndi wobwerera ndi umodzi. Koma lole yodzaza ikamakwera imakhala pa giya yotsika, ikulira, njinga zamoto zikuipitirira, pamene pobwerera yopanda katundu imayenda mosiyana kwambiri. Ndipo yodzaza ikamatsika, dalaivala wanzeru amaigwira ndi giya kuti mabuleki asatenthe, ndiye kutsikako nakonso sikufulumira. Chigawo choterechi chimafunika kulembedwa kawiri, chopita ndi chobwerera, chilichonse ndi mphindi zake, komanso mosiyanitsa lole yodzaza ndi yopanda kanthu. Njira ya Dijkstra imalola zimenezi popanda vuto lililonse.

Chinanso, nthawi yambiri imatayika pa mfundo, osati pamsewu. Pa lodibuloko apolisi afuna kuona mapepala a katundu. Pa tsiku la msika m'malo a malonda monga Ulongwe, panjira ya ku Liwonde, anthu, akabaza ndi ogulitsa amadzaza m'mbali mwa msewu, ndipo lole imangokwawa. Mahampu amene galimoto yaing'ono imangodumpha, lole yodzaza imawakwera tayala ndi tayala. Kenako pa depoti penipeni pali kudikira kalaliki, kuwerenga matumba, ndi anyamata otsitsa amene mwina ali pa lole ina. Mapu amawerengera zonsezi ngati mphindi 0. Njira yosavuta ndi kuwonjezera mphindi zimenezo pa chigawo cholowera pamalopo, ndipo nthawi yopakira ndi kutsitsa ilembedwe payokha kuti isasokonezeke ndi nthawi yoyenda.

Za mvula sindikufunika kukuuzani zambiri. Aliyense amene anapitako ku Makanjira mu Januwale kapena Febuluwale akudziwa kuti msewu umene unali wabwino mu Ogasiti umasanduka matope, ndipo mtsinje ukadzaza mumaima mpaka madzi aphwe. Khalani ndi manambala awiri, a chilimwe ndi a dzinja. Chigawo chimene lole singadutse musachipatse mphindi zambiri, chichotseni pamapu a nyengo imeneyo. Chimodzimodzi kamlatho kamatabwa kamene sikangapirire lole yodzaza: kwa lole imeneyo msewuwo kulibe.

Manambala abwino muli nawo kale pafupi, ali mwa madalaivala anu omwewo. Apatseni kope, ndipo pa mfundo zimene mwagwirizana, monga pa geti la depoti, pa mlatho, pa mphambano ndi pofika, azilemba nthawi, tsiku, ndi ngati lole ili yodzaza. Foni yojambula ulendo ndi GPS imachitanso ntchito yomweyi, ndipo GPS imagwira ngakhale pamene netiweki yathawa. Chigawo chilichonse chikakhala ndi maulendo angapo, sanjani nthawizo kuyambira yochepa n'kutenga ya pakati. Mwachitsanzo, mukapeza mphindi 24, 25, 27, 28 ndi 95, tengani 27. Ulendo wa 95 uja mwina tayala linaphulika, ndipo mukauphatikiza ndi inayo n'kugawa ndi 5 mupeza pafupifupi 40, nambala imene siikufanana ndi ulendo uliwonse.

Kope lomwelo ndi limene lingayankhe nkhawa ya abwana anu mwachilungamo. Ngati madalaivala onse atatu akuchedwa pa chigawo chimodzi ndi mphindi zofanana, cholakwika ndi nambala ya pamapu. Ngati kuchedwako kukubwera tsiku limodzi pa sabata, funsani za msika. Ngati kuli mbali imodzi yokha ya ulendo, ndi chitunda ndi katundu. Pokhapokha munthu mmodzi akamasiyana ndi anzake pa chigawo chomwecho, ndi katundu wofanana, mobwerezabwereza, m'pamene pali chifukwa chokhalira naye pansi, ndipo ngakhale pamenepo yambani mwaonetsa lole yake kwa makaniko. Zimandiwawa kuona munthu akudulidwa malipiro chifukwa cha liwiro limene kompyuta inangoganizira, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti dalaivala wopanikizidwa amayamba kuthamanga pa misewu imene ana asukulu ndi anjinga amayendamo.

Pomaliza, ngati lole imodzi ikuzungulira madepoti anayi kapena asanu pa ulendo umodzi, funso loti iyambire kuti ndi lina, ndipo Dijkstra payekha saliyankha. Mphwanu ayambe wapeza mphindi za pakati pa madepoti awiri aliwonse ndi manambala atsopanowa, kenako ayese ndondomeko zonse za kayendedwe. Madepoti asanu ali ndi ndondomeko 120 zokha, zomwe kompyuta imamaliza nthawi yomweyo. Akakwana khumi zimapitirira 3 miliyoni, ndiye pamenepo mudzandilemberenso.