Kugwira mpweya ponyamula zitsulo: kumateteza msana, koma kumakweza magazi

"Ndimanyamula zitsulo kujimu ina ku Matero. Wotiphunzitsa amati ndizigwira mpweya pochita sikwati, kunjuta ndi kuimirira chitsulo cha makilogalamu 100 chili paphewa, koma ndikamaliza ndimamva chizungulire. Mwezi watha kuchipatala anandipeza kuti magazi anga akuthamanga pa 150/95. Kodi ndipitirize?"

Achimwene, wokuphunzitsaniyo sananame, koma malangizo akewo ndi oyenera munthu amene magazi ake akuthamanga bwino, ndipo inuyo pakali pano simuli m'gulu limenelo.

Tengani botolo lapulasitiki lopanda kanthu, mulitseke zolimba, kenako muyese kulifinya. Limakana. Mukachotsa chitsekerero, limaphwanyika m'manja mosavuta. Thunthu la munthu limachitanso chimodzimodzi. Mukakoka mpweya wambiri, mnofu waukulu wopumira umene uli pakati pa chifuwa ndi mimba umatsika n'kukankha zam'mimba, ndipo mukatseka kholingo n'kulimbitsa minofu ya pamimba, ya m'mbali ndi ya kumsana, thunthu lonse limauma gwaa, moti msana supindika pansi pa katundu. Anyamata onyamula matumba a makilogalamu 50 kumsika wa Soweto ku Lusaka amachita zimenezi popanda wowaphunzitsa: amakoka mpweya, amaugwira, ndipo thumba likafika paphewa mumawamva akubuula. Madokotala amatchula mchitidwewu ndi dzina la Antonio Valsalva, katswiri wa ku Italy amene anaufotokoza mu 1704.

Vuto ndi lakuti mtima ndi mitsempha ikuluikulu zili m'botolo lomwelo. Chifuwa chikapanikizika, mtsempha waukulu wochoka kumtima umafinyika, ndipo mphamvu imene magazi akukankhira makoma a mitsempha imakwera nthawi yomweyo. Panthawi yomweyonso minofu ya miyendo imene ikulimbana ndi chitsulo imafinya mitsempha yodutsa m'kati mwake, choncho mtima umapopa molimbana ndi njira zopanikizika. Pa kafukufuku amene MacDougall ndi anzake anafalitsa mu 1985 ku Canada, anthu ozolowera zitsulo amene ankakankha katundu wolemera ndi miyendo yonse iwiri ankafika pa 320/250, ndipo mmodzi anafika pa 480/350. Kukwera kumeneku kumatenga masekondi ochepa chabe, ndipo mitsempha yathanzi imapirira. Koma munthu amene akuyambira pa 150/95, m'malo mwa pafupifupi 120/80, akuwonjezera katundu pa mitsempha imene ili kale pa ntchito yaikulu usana ndi usiku.

Chizungulire chanucho chimabwera ndi mbali yachiwiri ya nkhaniyi. Mukagwira mpweya kwa nthawi yaitali, magazi obwerera kumtima amavutika kulowa m'chifuwa chopanikizikacho, mtima umalandira ochepa n'kutulutsanso ochepa. Mukaika chitsulo pansi n'kutulutsa mpweya mwadzidzidzi, kuthamanga kwa magazi kumatsika kwa kanthawi, ubongo umaperewedwa, maso amachita mdima, ndipo ena amakomoka kumene. Ndinaonapo mnyamata wina akutsika ndi kukwera kasanu ndi mpweya umodzi wokha, nkhope itafufuma, mitsempha ya m'khosi itatuluka ngati zingwe, ndipo atangokoleka chitsulo anagwada pansi osadziwa pamene ali. Chinandiopsa kwambiri n'chakuti akanatha kugwa chitsulo chili paphewa.

Kwa munthu wopanda vuto la magazi, mpweya umodzi ndi wa kunyamula kamodzi. Amakoka ali chiimire, mpweyawo ukudzaza m'mimba ndi m'mbali osati kukweza mapewa, amalimbitsa mimba ngati akuyembekezera chibakera, amatsika, amakwera, ndipo akadutsa pamalo povuta amatulutsa pang'onopang'ono kudzera m'mano. Akaima amapuma kamodzi kapena kawiri asanayambenso. Lamba wachikopa amathandiza chifukwa mimba imapeza pokankhira, koma pa chifukwa chomwecho amawonjezera kupanikizika kwa m'mimba, choncho si chitetezo kwa munthu wa vuto lanu.

Inuyo ndikukulangizani kuti mutsitse sikwati kuchoka pa makilogalamu 100 kufika pa 50 kapena 60, kulemera kumene mungathe kunyamula ka 10 kapena ka 12 mphamvu zikadalipo. Limbitsani mimba monga kale, koma kholingo likhale lotsegula: kokani mpweya potsika, tulutsani pokwera. Njira yosavuta yodziyesera ndi kuwerenga mokweza pamene mukukwera, chifukwa munthu amene mawu ake akumveka sanatseke kholingo. Mawu akasowa, chitsulo chalemera. Musamalimbane ndi kunyamula komaliza kumene chitsulo chimaima pakati, pakuti m'pamene magazi amakwera kwambiri, ndipo mukamaliza musaime chilili, muziyendayenda pang'ono kuti miyendo ibweze magazi kumtima.

Bwererani kuchipatala akakupimeninso, chifukwa kupima kamodzi sikukwanira, ndipo muwauze madokotala kuti mumanyamula zitsulo, popeza mankhwala ena otsitsa kuthamanga kwa magazi amawonjezera chizungulire mukatha masewera. Tsiku limene makina aonetsa 180/110 kapena kuposa, musagwire chitsulo n'komwe. Ndipo mukamva mutu waukulu wobwera mwadzidzidzi muli pakati ponyamula, kupweteka pachifuwa, kusaona bwino, kapena dzanzi la mbali imodzi ya thupi, siyani pomwepo ndipo wina akuthamangitsireni kuchipatala, musadikire kuti muone ngati zisiya zokha.