Mzere wa deti pa kalata yofunsira ntchito

"Ndikulemba kalata yofunsira ntchito ku kampani ina ya ku Cairo Road. Ku sukulu tinaphunzira kulemba 12th March, 2025, koma mnyamata wonditayipira ku Kamwala wachotsa th ndi mpatuliro womwe, akuti ndi zachikale. Wolondola ndani? Nanga ndikamalembera akulu a mpingo m'Chichewa ndizitani?" Mayi wa ku Matero

Mayi, aphunzitsi anu sanakunamizeni, ndipo mnyamatayo sanakuwonongereni kalata. M'Chingerezi chimene timatsata kuno ku Zambia, chochokera ku Britain, timayamba ndi tsiku, kenako mwezi, pomaliza chaka. Ndondomeko imeneyi imalola zonse ziwiri: 12th March, 2025 ndiponso 12 March 2025. Yoyamba ndi imene ambiri tinakula nayo ndipo ikupezekabe m'makalata ambiri a m'maofesi. Yachiwiri inafala pamene anthu anayamba kuchepetsa zizindikiro m'makalata otayipa.

Kuti musankhe, yang'anani keyala yanu imene ili pamwamba pa detilo. Ngati mzere uliwonse wa keyala ukutha ndi mpatuliro, kachizindikiro aka (,), ndiye kuti deti nalo likhale ndi mpatuliro pakati pa mwezi ndi chaka. Ngati keyala ilibe zizindikiro kumapeto kwa mizere, deti nalo likhale lopanda. Chimene chimandipweteka ndikachiwona ndi kalata yosakaniza, pamwamba kalembedwe kena, pansi kena, chifukwa wowerenga amazindikira msanga kuti mwini wake sanaibwereze. Choncho muuzeni mnyamatayo kuti akachotsa mpatuliro pa deti, achotsenso pa keyala yanu, pa keyala ya kampani, ndi pambuyo pa Dear Sir ndi Yours faithfully.

Pa timalembo totsatira nambala m'pamene anthu amagwa kwenikweni, ndipo ine ndinagwapo. Ndili wachinyamata ndinatumiza kalata yolembedwa 22th, ndipo ndinazindikira itapita kale. Timalemboti ndi mathero a mawu a Chingerezi otchula malo a tsiku mu mwezi, ndiye timatsata katchulidwe. Tsiku loyamba ndi 1st, lachiwiri 2nd, lachitatu 3rd, ndipo kuyambira pa 4 mpaka pa 20 onse amatenga th. Apa mpofunika kusamala: 11, 12 ndi 13 ali m'gulu lomweli ngakhale akuthera ndi 1, 2 ndi 3. Tsiku lanu ndi 12th, osati 12nd. Mukafika pa 21 zimayambiranso: 21st, 22nd, 23rd, kenako th mpaka pa 30, ndipo lomaliza ndi 31st. Mukakayika, litchuleni tsikulo mokweza m'Chingerezi, mumve malembo awiri omaliza. Kapena lembani nambala yokha, palibe amene angakudzudzuleni.

Mpatuliro umakhala wokakamiza pa kalembedwe ka ku Amereka, koyamba ndi mwezi: March 12, 2025. Pamenepa nambala ziwiri zagundana, ndiye umazilekanitsa. Pa kalembedwe kathu dzina la mwezi lili kale pakati, n'chifukwa chake mutha kuusiya. Koma musauike pakati pa tsiku ndi mwezi, ngati 12th, March 2025. Chimenecho n'cholakwika kulikonse.

Dzina la mwezi lilembeni lonse, loyamba ndi lembo lalikulu, ndipo chaka chikhale cha manambala anayi. Musadule kukhala Mar. kapena Sept., komanso pewani 12/03/25 pa kalata yotere. Ife timawerenga kuti 12 Malichi, koma munthu wa ku Amereka adzawerenga kuti 3 Disembala. Manambala okhaokha asiyireni mafomu a ku banki amene ali ndi timabokosi take. Mawu a the ndi of timawatchula polankhula basi, pa mzere wa deti salembedwa.

Kalata ya kwa akulu a mpingo ndi yosavuta. Lembani 12 Malichi, 2025, kapena popanda mpatuliro ngati keyala ilibe. Th asalowemo, chifukwa ndi chidutswa cha mawu a Chingerezi chimene ife sititchula. Timangoti "pa 12 Malichi". Miyezi ilembeni monga timaitchulira: Januwale, Febuluwale, Malichi, Epulo, Meyi, Juni, Julayi, Ogasiti, Sepitembala, Okutobala, Novembala, Disembala. Mawu monga "tsiku loyamba la mwezi wa Juni" ndi okoma m'kati mwa kalata, koma pamwamba ikani 1 Juni 2025.

Musanasindikize, onani kuti deti ndi la tsiku limene mukukapereka kalatayo. Otayipa ambiri amatsegula kalata ya munthu wina n'kusintha dzina ndi keyala zokha, deti lakale n'kutsala pomwepo.