Mukapereka moni, mnzanu n'kungokhala duu

"Ndine mphunzitsi wamkazi, kwathu ndi ku Dedza koma anandisamutsira ku Namwera. Amayi eni nyumba imene ndikuchita lendi poyamba tinkalonjerana bwino. Masiku ano ndikati 'Mwadzuka bwanji amayi?' amangoti 'Ndadzuka', pena osayankha n'komwe. Ndiziti chiyani pamenepo?"

Achemwali, mawu amene musawatulutse ndi akuti "Bwanji simukuyankha?" kapena "Ndakupatsanitu moni." Ndi amene amafika msanga pakamwa mtima ukapweteka, koma munthu wamkulu amawamva ngati mwana akumuzenga mlandu pakhomo pake pomwe. Pakakhala anthu ena pafupi ndiye zimaipiratu, chifukwa ngakhale analibe nanu chifukwa, tsopano achipeza.

Kusayankha ndi kuyankha mozizira ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kusayankha nthawi zambiri sikutanthauza kanthu. Dera la Namwera anthu ambiri ndi Asilamu, ndipo munthu amene ali pa swala sayankha moni mpaka atamaliza. Mukawaona ali pamkeka wopempherera, dutsani mwakachetechete, mudzawalonjere akatha. Ngati sali pa swala, mwina sanamve. Akuluakulu ena sayankhanso dala moni woponyedwa munthu ali chiyendere, thumba la makope lili paphewa, chifukwa kwa iwo umenewo si moni. Ndiye imani, yandikirani, pindani maondo pang'ono, mubwereze kamodzi kokha ndi mawu otsika: "Amayi, ndimati mwadzuka bwanji." Akakhalabe chete, nenani "Zikomo amayi, ndapita kusukulu," n'kumapita. Kachitatu ayi.

Kuyankha kozizira kuja ndiye kuli ndi uthenga. Moni wathu ndi wobwezerana, ndipo chimene chasowa mu "Ndadzuka" ndi "kaya inu". Munthu akachotsa mawu awiri amenewa tsiku limodzi, mwina mutu ukumupweteka. Akamawachotsa tsiku ndi tsiku pamene kale ankawanena, akukuuzani kuti pali kanthu. Njira yodziwira ndi yapafupi: mvetserani mmene akuyankhira anthu ena m'mawa womwewo. Ngati aliyense akulandira "Ndadzuka" wouma, vuto lili m'nyumba mwawo, kaya ndi matenda, kaya ndi ngongole. Pamenepo funsani za iwo: "Koma m'thupimu muli bwino amayi? Nanga ana adzuka bwanji?" Koma ngati wogulitsa usipa akumusekerera, inu nokha n'kumalandira mawu amodzi, nkhani ndi ya inu.

Zikatero musaikambire pa moni wa m'mawa. Dikirani madzulo ali okha, muodire, mukhale pansi ngati iwo akhala pansi, mulonjere bwinobwino, kenako munene motere: "Amayi, ine pano ndine mlendo, inu ndinu makolo anga. Ngati pali pamene ndinalakwitsa osadziwa, ndiuzeni, ndikonze." Onani kuti m'mawu amenewa mulibe "mwasintha" kapena "simundiyankha". Simukuwaloza chala, mukuwatsegulira khomo. Mukatero khalani chete, musathamangire kutchula zimene mukuganizira.

Yembekezani kuti ayamba ndi "Palibe kanthu." Limeneli si yankho lomaliza. Nenani "Zikomo, mtima wanga wakhala pansi," mucheze pang'ono za mvula kapena za kumunda. Kawirikawiri nkhani imatuluka mukamatsanzika, ndipo imakhala yooneka yaing'ono kwa inu koma yaikulu kwa iwo: kunagwa maliro kwa abale awo inu osakapepesa, munadzudzula mdzukulu wawo pagulu, kapena munaphika nyama ya nkhumba pabwalo lomwe nonse mumagwiritsa ntchito. Ikatuluka, musayambe ndi kufotokoza. Yambani ndi "Pepani amayi, sindinadziwe," zifukwa zanu zibwere pambuyo ngati zikufunika.

Ena adzakulangizani kuti mungosinthira ku Chiyao, muziti "Ajimwiche uli?" m'mawa kapena "Ali uli?" masana. Ndi bwino kuphunzira, ndipo amayi achikulire amakondwa mlendo akayesa. Koma ine sindikhulupirira kuti chilankhulo chingazimitse mkwiyo umene sunayambe ndi chilankhulo. Paja poyamba ankakuyankhani bwino m'Chichewa chomwechi.

Mukayesa kukamba nawo koma osasintha, tumani munthu amene iwo amamulemekeza, makamaka amene anakupezerani nyumbayo kapena mayi wina wamkulu wa pamudzipo. Mumuuze kuti: "Ndikuona ngati ndinawalakwira amayi, mukandifunsireko." Musamutume kukadandaula. Ngakhale izi zitakanika, moni musasiye, chifukwa tsiku limene mudzadutse osalankhula nkhani idzasanduka yakuti aphunzitsi aja ndi odzikuza. Moniwo ukhale waufupi, "Mwadzuka bwanji amayi," kamodzi m'mawa, ndipo ndalama ya lendi muzipereka pa tsiku lake pali mboni.