Fayilo yabwera yopanda mawu ndipo sikutseguka: muyankhe chiyani?

"Abwana anga anditumizira imelo yopanda mutu, yopanda ngakhale liwu limodzi. Muli fayilo imodzi yokha, IMG_4821.HEIC, ndipo pakompyuta yanga ikukana kutseguka. Ndikuopa kufunsa, mwina aona ngati ntchito sindiidziwa. Ndingokhala chete, kapena ndilembe chiyani?"

Musakhale chete. Amene watumiza fayilo amaganiza kuti mbali yake wathana nayo, ndipo akapanda kumva kanthu amati mwaona, mwamvetsa, ntchito ili mkati. Mawa akadzafunsa kuti "zija zili pati?", kunena kuti sizinatseguke kudzamveka ngati podzikanira, chikhalirecho lero kukanamveka ngati kusamala.

Vuto la fayilo yanuyo likuoneka kale pa dzina lake. Zilembo za kumapetozo, HEIC, ndi mtundu wa zithunzi umene mafoni a iPhone amagwiritsa ntchito kuyambira mu 2017, pamene kunabwera iOS 11. Chithunzi cha mtunduwu chimatenga malo ochepa kusiyana ndi JPG, n'chifukwa chake anachikonda. Nthawi zambiri foniyo imachisandutsa yokha JPG pochitumiza, koma osati nthawi zonse, ndiye chikafika pakompyuta ya Windows imene ilibe chowerengera mtunduwu chimangokana. Kwa abwana anu chikuoneka bwinobwino, ndipo sakudziwa n'komwe kuti kwanuko kuli vuto. Palibe umbuli wanu apa.

Musanalembe, yang'anani kukula kwa fayiloyo pambali pa dzina lake. Chithunzi chojambulidwa ndi foni chimakhala cha 1 MB, 2 MB kapena kuposerapo. Mukaona 0 KB, ndiye kuti chafika chikhungwa chokha, mkati mulibe kanthu, ndipo palibe pulogalamu imene ingachitsegule. Pamenepo musavutike, chingotumizidwanso basi. Koma ngati kukula kwake kuli bwino, tsegulani imelo yomweyo pafoni, chifukwa iPhone iliyonse ya masiku ano komanso mafoni ambiri atsopano a Android amawerenga HEIC. Pakompyuta pamafunika kuikapo HEIF Image Extensions kuchokera mu Microsoft Store, ndipo nthawi zina imafunanso HEVC Video Extensions. Ngati kompyutayo ndi ya kuntchito, pemphani amene amayang'anira makompyuta akuikireni.

Chimene ndikukuletsani ndi ichi: musakweze fayiloyo pamasamba a pa intaneti amene amati amasintha HEIC kukhala JPG mwaulere. Simunaone zimene zili mkatimo. Mwina ndi malipiro a antchito anzanu, mwina ndi mgwirizano umene sunasainidwe, ndipo inu mukhala mwaupereka kwa anthu osawadziwa pongofuna kupewa funso la mizere iwiri.

Ndinene poyera kuti khalidwe loponya fayilo popanda mawu ndi loipa, ngakhale wochita ake akhale wamkulu motani. Ngakhale chithunzicho chikanatseguka, mukanadziwa bwanji chimene akufuna? Tiyerekeze kuti ndi chithunzi cha invoisi. Akuti muilipire? Muisunge m'fayilo? Kapena aona kuti ndalama zake zalakwika ndipo akufuna muwafotokozere? Pepala limodzi, ntchito zitatu zosiyana, ndipo mukangoganizira n'kulipira invoisi imene iwo amaitsutsa, ndalamazo sizibwerera msanga. Wotumiza amapulumutsa kanthawi kochepa kolembera mzere umodzi, n'kusenzetsa mnzake ola lathunthu la kulota. Komanso alipo anthu osaona amene amamvetsera mauthenga kudzera m'pulogalamu yowawerengera mokweza. Kwa iwo chithunzi chopanda mawu nthawi zambiri chimangotchulidwa dzina, IMG ndi manambala, basi.

Palinso china chachikulu. Imelo yopanda mutu, yopanda moni, yokhala ndi fayilo yokha, ndi mmene akuba a pa intaneti amakondera kutumiza misampha yawo, chifukwa amadziwa kuti chidwi chikukankhani kudina. Dzina la abwana likhoza kuoneka pamwamba pamene adiresi yake ndi ina, choncho dinani dzinalo muwerenge adiresi yonse chilembo ndi chilembo. Yang'ananinso mapeto enieni a dzina la fayilo. Windows imabisa mapetowa, moti fayilo yotchedwa `invoice.pdf.exe` imatha kuoneka ngati `invoice.pdf`, pamene ndi pulogalamu imene idzayamba kugwira ntchito mukangoidina. Mu File Explorer pitani pa View, kapena pa View kenako Show ngati ndi Windows 11, muchonge File name extensions kuti muziona dzina lonse. Pafoni ya Android, fayilo yothera ndi `.apk` ndi pulogalamu, si chithunzi ayi, ngakhale dzina lake litati ndi zithunzi za msonkhano. Ikakukayikitsani chonchi, musayankhe pa imelo yomweyo, chifukwa ngati akaunti yabedwa, wokuyankhani ndi wakubayo ndipo adzati "inde, ndi ine, tsegulani." Imbani foni kapena pitani ku ofesi kwawo.

Zina zofanana nazo

Mukadzalandira `winmail.dat`, musataye nthawi kufufuza chotsegulira. Imabwera pamene wotumiza akugwiritsa ntchito Outlook ndipo uthenga wake uli pa Rich Text. Fayilo yeniyeni imakhala yakutidwa mkatimo m'njira imene mapulogalamu ena ambiri a imelo saimva. Muuzeni asankhe HTML kapena Plain Text pa Format Text, n'kutumizanso.

Pa WhatsApp vuto limakhala lina. Chithunzi chimatseguka, koma ngati ndi cha pepala la zilembo zing'onozing'ono, manambala amaoneka ophwanyika mukachikulitsa, 3 ndi 8 osasiyanitsika. Chifukwa chake n'chakuti WhatsApp imafinya zithunzi kuti zisadye deta. Apa wotumiza achitumize ngati Document, chifike monga chinajambulidwira. Ndipo chikangokhala chachimbuuzi ndi kamuvi pakati, ndiye kuti simunachikopere, onani netiweki ndi malo otsala m'foni yanu musanadandaule kwa mwini wake.

Tsono yankho lanu kwa abwana. Musalembe "?" kapena "sizikutseguka" pokha, chifukwa adzangotumizanso fayilo yomweyo ndipo mudzakhala pomwe munali. Nenani chimene mwalandira, chimene chikukanika, chimene iwo angachite, kenako funsani ntchito yake:

"Bwana, ndalandira imelo yanu ya m'mawa uno yokhala ndi chithunzi IMG_4821.HEIC. Kompyuta yanga siwerenga zithunzi za mtundu umenewu, choncho sindinaone zimene zili mkatimo. Ndimapempha ngati mungachitsegule pafoni yanu, mujambule sikirini, munditumizire chimenecho. Mundithandizenso pondiuza chimene mukufuna ndichite nacho, komanso ngati chikufunika lero."

Kujambula sikirini kumathandiza chifukwa iPhone nthawi zambiri imasunga chithunzi chotero ngati PNG, imene imatseguka paliponse, ndipo abwana safunika kuphunzira china chatsopano. Koma ngati pepalalo lili ndi zilembo zing'onozing'ono, zikhoza kuchepa kwambiri, ndiye ndi bwino kupempha PDF. Zikakhala kuti zimachitika kawirikawiri, tsiku lina muli nawo pafupi muwasonyeze Settings, Camera, Formats, asankhe Most Compatible. Kuyambira pamenepo zithunzi zatsopano zizisungidwa ngati JPG, ngakhale zakale zidzakhalabe HEIC.

Funso lomaliza lija, la chimene akufuna muchite, musalichotse ngakhale chithunzicho chitatseguka pafoni musanatumize uthengawo. Mungosintha mizere ya pamwambayo kuti inene kuti mwachiona.