Mwezi umatenga masiku 27 kapena 29? Yankho kwa mwana wasukulu wa ku Chipata

"Aphunzitsi, ndine mtsikana wa ku sekondale kuno ku Chipata. M'buku lathu la sayansi tsamba lina likuti mwezi umazungulira dziko masiku 27.3, lina likuti masiku 29.5. Pa mayeso ndilembe ati? Komanso mkulu wanga akuti mwezi umaoneka wobenthuka chifukwa chithunzithunzi cha dziko chimauphimba. Ndi zoona?"

Mwanawe, buku lako silinaname. Manambala onse awiri ndi oona, koma akuyeza zinthu ziwiri zosiyana. Kuti uone kusiyana kwakeko tiyambe ndi za mkulu wako, chifukwa zimenezo zikakhala bwino m'mutu, manambalawo avuta pang'ono chabe.

Mwezi ulibe kuwala kwakekwake. Ndi chimwala chobulungira chimene chimawala chifukwa dzuwa likuchiwomba, monga momwe malata amang'animira masana. Tsono chinthu chilichonse chobulungira chikakhala padzuwa, theka limodzi limawala, theka linalo limakhala mumdima. Mwezi ndi chimodzimodzi tsiku lililonse, kaya ife tikuuona wathunthu kaya tikuona kachikhadabo chabe. Chimene chimasintha ndi malo amene mweziwo wafika pa ulendo wake wozungulira dziko. Malowo ndiwo amanena kuti pa theka lowala lija, ife tiona gawo lalikulu bwanji.

Usangondikhulupirira. Madzulo ano tenga lalanje, ulibaye pa kamtengo. Zimitsa magetsi m'chipinda, m'bale wako aime kukhoma atayatsa tochi. Tochiyo ndi dzuwa, lalanje ndi mwezi, mutu wako ndi dziko. Tambasula dzanja, lalanje likhale pakati pa iwe ndi tochi. Mbali imene ukuiona ndi yakuda, chifukwa kuwala konse kwagwera kuseri. Imeneyo ndi nthawi imene kumudzi amati mwezi uli kumdima. Tsopano yamba kutembenukira kumanja pang'onopang'ono, dzanja lili chitambasulire. Uona kamzere kowala kakutuluka m'mphepete mwa lalanje. Pitiriza mpaka tochi ikhale kuphewa lako lamanzere, uona theka lowala, theka lakuda. Ukafulatira tochi, kweza lalanjelo pang'ono kupitirira mutu, ndipo uliona lonse likuwala. Umenewo ndi mwezi wathunthu. Ukapitiriza kuzungulira, kuwala kuyamba kuchepa mpaka ubwerere kumdima kuja.

Taona kuti paulendo wonsewu palibe chimene chaphimba lalanje. Mdima umene uli pa lalanjepo ndi wa lalanje lomwelo, mbali imene yafulatira tochi. Koma uli chifulatire tochi muja, tatsitsa dzanja kuti lalanje lilowe m'chithunzithunzi cha mutu wako. Lada mwadzidzidzi. Ameneyo ndiye kadamsana wa mwezi, ndipo ndi yekhayo amene amachitika chifukwa cha chithunzithunzi cha dziko. Amangochitika mwezi uli wathunthu, ndipo amatha m'maola ochepa usiku womwewo. Sachitika mwezi uliwonse chifukwa njira ya mwezi ndi yopendekeka madigiri ngati 5 poyerekeza ndi njira imene dziko limayenda pozungulira dzuwa, choncho nthawi zambiri mwezi umadutsa pamwamba kapena pansi pa chithunzithunzicho. Kadamsana wa dzuwa ndi winanso, amachitika mwezi ukadutsa pakati penipeni pa ife ndi dzuwa. Ufunse makolo ako za pa 21 Juni 2001, tsiku limene ku Lusaka kunada masana.

Mkulu wako umufunse funso limodzi mwaulemu. Kamwezi katsopano kamaoneka madzulo kumadzulo, pafupi ndi pamene dzuwa langolowa. Chithunzithunzi chilichonse chimagwera mbali yofulatira kuwala, ndiye nthawi imeneyo cha dziko chimakhala chikuloza kum'mawa. Chingaphimbe bwanji mwezi umene uli kumadzulo?

Tibwere ku manambala. Masiku 27.3 ndi nthawi imene mwezi umatenga kuzungulira dziko kamodzi, ukauyeza ndi nyenyezi. Lero ukauona pafupi ndi nyenyezi ina yowala, udzabwereranso pa nyenyezi yomweyo patapita masiku 27 ndi maola ngati 8. Dziko likanakhala chiimire malo amodzi, nkhani ikanathera pomwepo. Koma m'masiku 27 amenewo nalonso dziko layenda mtunda pa ulendo wake wozungulira dzuwa, pafupifupi digiri imodzi tsiku lililonse. Ndiye mwezi ukafika pamene unayambira, umapeza kuti dzuwa silikuonekanso mbali imene linali, lasendera patsogolo madigiri ngati 27. Popeza maonekedwe a mwezi amadalira dzuwa osati nyenyezi, mweziwo uyenera kuyendabe masiku awiri ndi kachidutswa kuti ulipeze. Ukaphatikiza, ndi masiku 29.5 aja. Kunena ndendende, ndi masiku 29, maola 12 ndi mphindi 44, ngakhale mwezi wina umapitirira kapena kuperewera ndi maola angapo.

Ana amene ndimawaphunzitsa amaimva msanga ndikawaonetsa wotchi ya mivi. Pa 12 koloko muvi wautali ndi waufupi zimakhala pamodzi. Pakatha ola, wautali wazungulira wotchi yonse n'kubwerera pa 12, koma waufupi suli pamenepo, wasunthira pa 1. Wautali uyenera kuyendanso mphindi 5 ndi theka kuti uupeze. Muvi wautali ndi mwezi, waufupi ndi dzuwa. Ola limodzi lija ndi masiku 27.3, ola ndi mphindi 5 ndi theka zija ndi masiku 29.5.

Ngati masamu umawakonda, ungathe kuipeza wekha nambalayi ndi kakyuleta. Ulendo umodzi wozungulira ndi madigiri 360.

```
360 ÷ 27.3 = 13.2
360 ÷ 365.25 = 1.0
13.2 − 1.0 = 12.2
360 ÷ 12.2 = 29.5
```

Mzere woyamba ndi madigiri amene mwezi umayenda pa tsiku, wachiwiri ndi amene dzuwa limaoneka kuti lasendera pa tsiku. Ukachotsera, mwezi umalisiya dzuwa m'mbuyo ndi madigiri 12.2 tsiku lililonse, ndipo kuti ulisiye ndi ulendo wathunthu pamafunika masiku 29.5. Madigiri 12.2 omwewo ndiwo amachititsa kuti mwezi uzichedwa kutuluka ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse.

Pa mayeso, werenga funso kawiri. Likafunsa za maonekedwe, monga kuchokera mwezi wathunthu kufika wathunthu wina, kapena kuchokera kumdima kufika kumdima wina, lemba 29.5. Likafunsa nthawi imene mwezi umatenga kuzungulira dziko kamodzi, lemba 27.3. Ana ambiri amene ndawachongera mapepala amawadziwa manambala onse awiri, koma amalemba imene yayamba kubwera m'mutu.

Ndikufuna uone zimenezi ndi maso ako, chifukwa kuno m'miyezi yachilimwe kumwamba kumayera ndipo sufunika chida chilichonse. Tenga kope lakale. Tinene kuti mwezi unali kumdima pa 1. Pa 2 kapena pa 3, cha m'ma 18 koloko, yang'ana kumadzulo, upeza kamwezi kowonda kakutsatira dzuwa. Kajambule, ulembe tsiku ndi nthawi. Cha pa 8 mwezi ukhala theka, uli pamwamba dzuwa likamalowa, ndipo ulowa pakati pa usiku. Pa 15 kapena pa 16 ukhala wathunthu, ukutulukira ku mapiri a kum'mawa kwa tauni nthawi imene dzuwa likulowa. Kuchoka apo uyamba kuchedwa, ndipo ana ambiri amasiyira pano poganiza kuti wasowa. Sunasowe. Cha pa 23 umatuluka pakati pa usiku uli theka, ndipo m'mawa popita kusukulu uupeza uli pamwamba, woyera mbee. Pa 28 ndi kamwezi kowonda kum'mawa m'bandakucha, kenako pa 30 kapena pa 31 wabwerera kumdima.

Tsiku limene mwezi ukuoneka masana, tuluka ndi lalanje lija. Ima padzuwa, ulikweze pafupi ndi pamene pali mwezi, osayang'ana dzuwalo. Uona kuti lalanje lawala mbali yomweyo ndi mwezi, ndipo gawo lowala ndi lofanana. Ine chimenechi chimandikondweretsabe nthawi iliyonse ndikachionetsa ana.

Powerenga masiku pali misampha iwiri. Ukayamba tsiku limene kamwezi kaoneka n'kulekeza tsiku limene kasowa, upeza masiku 26 kapena 27, ndipo uganiza kuti watsimikiza 27.3. Ayi, wangosiya masiku awiri kapena atatu amene mwezi umabisika m'kuwala kwa dzuwa. Ukawerenga kuchokera wathunthu kufika wathunthu, uvutikanso chifukwa ndi maso mwezi umaoneka wathunthu usiku utatu wotsatizana. Njira yabwino ndi kuyambira pa theka, pamene malire a kuwala ndi mdima ali mzere wowongoka, kufika pa theka lotero la mwezi wotsatira. Upeza 29 kapena 30. Ukapirira miyezi iwiri upeza pafupifupi 59, ndipo theka la 59 ndi 29.5.

Chenjeranso ndi zithunzi. Zambiri za m'mabuku ndi pa intaneti zinajambulidwa monga mwezi umaonekera ku maiko a kumpoto, kumene mwezi wokula umawala mbali ya kumanja. Ife tili kum'mwera kwa ikweta, koma osati kutali, madigiri 13 ndi theka chabe. Choncho kuno kamwezi katsopano kawirikawiri kamagona ngati mbale, kuwala kuli pansi, nthawi zambiri kutapendekera kumanzere. Usaloweze za kumanja ndi kumanzere. Mbali yowala imaloza kumene kuli dzuwa nthawi zonse. Kamwezi kowonda ukakaona madzulo kumadzulo, kakukula. Ukakaona m'bandakucha kum'mawa, kakutha. Agogo ena amasimba kuti mwezi ndi mwamuna wamitala: mkazi wa kumadzulo amamuphikira bwino n'kunenepa, wa kum'mawa amamumana chakudya n'kuwonda. Amene anapeka nthanoyi analiyang'anitsitsa thambo, chifukwa za kumene mwezi umanenepera ndi kumene umawondera sanaphonye.

Ngati uli ndi anzako Achisilamu m'kalasi, afunse chifukwa chake Ramadani imabwera msanga chaka ndi chaka. Kalendala yawo imatsata maonekedwe a mwezi, ndiye miyezi yake imakhala ya masiku 29 kapena 30. Chulukitsa 29.5 ndi 12, upeza 354. Chotsa pa 365, patsala masiku 11, ndipo ndi masiku ngati amenewo amene Ramadani imasendera nawo m'mbuyo chaka chilichonse. Akanakhala kuti amatsata 27.3, kusiyanako kukanapitirira masiku 37.