CoS ya £6,000? Musamupereke mnzanuyo kwa bamboyo

"Anzanga, ndine nesi kuno ku UK. Mnzanga amene tinaphunzira limodzi unamwino akundichonderera kuti ndimuthandize kubwera. Pali bambo wina wakwathu konkuno akuti amupezera CoS ya keya pa £6,000. Ndiwalumikize?"

Ayi achemwali, ayi ndithu. Nambala yakeyo musapereke ngakhale atalira chotani. Boma la kuno linatseka khomo lotenga anthu a keya, ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, kuchokera kunja pa 22 Julaye 2025, ndiye bamboyo akugulitsa chiyani kwa munthu amene ali ku Malawi? Mufunseni funso limeneli muone mmene azizungulirira. Ndipo ngakhale khomolo likadakhala lotsegula, CoS, chikalata chimene kampani imakupatsa kuti ufunsire viza ya ntchito, sigulitsidwa. Amene amalipira ndi kampani yolemba ntchito, osati wolembedwa ntchito. Ajenti wolipiritsa munthu kuti amupezere ntchito akuphwanya lamulo la kuno, ndipo lamulolo si lachilendo, ndi la 1973.

Ine zinandionekera mu 2023, khomo lili lotsegula, ndipo amene anandipereka sanali mlendo. Anali asisi athu a ku koleji, amene anali patsogolo pathu, omwe tinagwira nawo wodi imodzi asananyamuke. Pa gulupu yathu ya WhatsApp ya anamwino iwo ndiye anali chitsanzo chathu. Amatitumizira mabuku, amatiyankha mafunso a odwala pakati pa usiku, maliro akagwa amakhala oyamba kusonkha. Ndiye atandiimbira kuti mng'ono wanga, za ku khonsolo ya anamwino ya kuno ya NMC zija zimachedwa, bwera kaye pa keya, mayeso udzalembera konkuno, ndili ndi munthu wanga wodalirika, ndikanakayika pati? Mtengo anati £5,000. Tinagulitsa puloti imene tinkafuna kumangapo, achimwene anga anakatenga ngongole kuntchito kwawo, zotsalazo tinatenga katapila. Ndalama zinapita zigawo zitatu ku akaunti ya munthu, osati ya kampani, popanda lisiti. Ndikafunsa lisiti asisi ankaseka, amvekere iwe, ukundiyesa wakuba ine?

CoS inabwera yeniyeni, apa ndi pamene anthu ambiri amapusira. Nambala yake inagwira, viza inatuluka, kampaniyo inalipodi pa mndandanda wa boma. Papepala analemba maola 37.5 pa sabata, malipiro £20,960 pa chaka. Nditafika ndinapeza kuti kampaniyo inaitana anthu ambiri kuposa okalamba amene inali nawo oti asamalidwe. Inali keya yoyendera anthu m'makomo mwawo. Amakupatsa theka la ola kwa agogo awa m'mawa, theka lina kwa agogo ena masana kutsidya lina la tauni, nthawi ya pa basi osakulipira. Masabata ena foni osalira n'komwe. Tinkagona anayi m'chipinda chimodzi, lendi n'kumadula pa timalipiro tomweto. Ukadandaula bwana ankangoti ndikachotsa dzina lako kwa a Home Office ubwerera kwanu, ndipo tonse tinkakhala chete chifukwa viza imeneyi imamangiriridwa pa kampani imene yakuitana.

Tsiku limene sindidzaiwala ndi la imelo. Ndinali pamalo odikirira basi, kunja kukuzizira koti zala osazimva, nditavala yunifomu pansi pa jekete yobwereka. Ndinali nditangochoka ku ofesi ya kampaniyo kukafunsa za malipiro a mwezi wapitawo. Ndinapeza chitseko chokhoma, makalata ataunjikana pansi mkati mwa galasi, chikwangwani atachotsa, patsala zomatira zokha. Ndili chiimire choncho foni inalira. Kalata ya Home Office, yoti laisensi ya kampani yanu yalandidwa, chilolezo chanu chokhalira kuno chafupikitsidwa, mwatsala ndi masiku 60 oti mupeze kampani ina kapena mutuluke m'dziko. Ndinaiwerenga mobwerezabwereza ngati mawuwo asintha. Basi inabwera, inaima, dalaivala anandiyang'ana, inapita. M'thumba munali ndalama yosakwana kugula chakudya cha sabata. Nthawi yomweyo uthenga wa mayi unalowa, wa mawu, akuti a katapila abweranso lero, akuti mwezi uno akapanda kuona kanthu atenga firiji ndi mipando, koma usadandaule mwanangu, tikudziwa kuti ukugwira ntchito. Ndinakhala pansi pa simenti yonyowa n'kulira ngati pamaliro. Mzimayi wina wachikulire wodutsa anandifunsa ngati ndikufuna ambulansi.

Ndinaimbira asisi aja. Foni yoyamba sanayankhe. Yachiwiri anayankha ali mu galimoto, akuti pepa mng'ono wanga, zimachitika, pemphera, inetu ndinangokulumikiza. Ndinangokulumikiza! Patapita nthawi mtsikana wina wa m'chipinda chathu chija anandionetsa mauthenga a pa foni yake, ndi pamene ndinadziwa kuti pa mutu uliwonse umene asisiwo ankabweretsa ankalandirapo £1,000. Pa gulupu yathu yokha tinalipo angapo. Munthu woti anandiphunzitsa kuika diripu pa mwana wakhanda, woti amawadziwa mayi anga ndi dzina, anandiwerengera mtengo ngati mbuzi ya pa msika. Mpaka lero amalemba mavesi pa gulupu m'mawa uliwonse, Disembala amapita kumudzi ndi masutikesi a mphatso, anthu n'kumawaombera m'manja kuti ndi mayi wothandiza. Bambo wa kampani uja sindimuwerengera kwenikweni, ndi wakuba wamba, sankandidziwa. Chimandiwawa ndi cha asisiwo. Ndipo chimandipsetsa mtima kwambiri n'choti ndikanena pa gulupu, ena amandilembera kumbali kuti usawachititse manyazi akuluakulu, mwina sankadziwa. Sankadziwa bwanji munthu wolandira £1,000?

Ndiye mnzanuyo ndi namwino, bwanji mukufuna kumulowetsa pa khomo la keya? Njira yake ilipo ndipo sifuna munthu wapakati. Choyamba atsegule yekha akaunti ku NMC, ndi imelo yake, osati yanu kapena ya ajenti. Iwo amaunika maphunziro ake ngati akufanana ndi a namwino wa kuno, ndipo amafuna chitsimikizo chochokera ku khonsolo ya anamwino ndi azamba ya kwathu kuti ali m'kaundula ndipo alibe mlandu. Apa mufunseni bwinobwino pepala limene ali nalo. Ngati ndi wa digiri kapena dipuloma ya namwino wolembetsedwa, apitirize. Ngati ndi tekinishani, ayambe wamva yankho la NMC asanawononge ndalama pa china chilichonse.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi Chingerezi, osati unamwino. Timadziona ngati timachitha poti tinaphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale, koma mayesowo ndi nkhani ina. Pa IELTS amafuna 7 pa kuwerenga, kumvetsera ndi kulankhula, ndi 6.5 pa kulemba. Pa OET amafuna B pa zitatuzo ndi C+ pa kulemba. Ine ndinasankha OET chifukwa nkhani zake ndi za m'chipatala, umalemba kalata yotumiza wodwala kwa dokotala wina, zinthu zoti timachita kale. Zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, ndiye asalembe msanga kenako n'kukhala chaka akusaka ndalama ya gawo lotsatira. Apa ndi pamene inu mungamuthandize zenizeni. Muziimbirana pa vidiyo Lamlungu lililonse, inu mukhale wodwala wovuta amene akukana mankhwala, iye akhale nesi, mumutchere nthawi. Makalata ake muziwachonga mopanda chisoni.

Kenako pali CBT, mayeso a pa kompyuta amene amalembera kunja kwa UK, ndi OSCE, ya manja, imene amapangira kuno basi, masiteshoni khumi. Panthawi yanga kuunika mapepala kunali £140, CBT £83, OSCE £794, kulowa m'kaundula £153. Aone mitengo ya lero pa tsamba la NMC, koma taphatikizani nokha muone, sizikufika ngakhale kotala ya £6,000 ya bamboyo. Ndiponso zipatala zambiri zikakulemba ntchito zimalipira OSCE, zina ndi tikiti ya ndege yomwe.

Pali chinthu china choti mudziwe, chimene asisi aja sanandiuze. Malawi ili pa mndandanda wa WHO wa 2023 wa mayiko 55 amene ali ndi ogwira ntchito zachipatala ochepa, ndipo UK imaiika pa mndandanda wofiira. Tanthauzo lake n'loti ajenti kapena chipatala cha kuno sichiloledwa kupita kukasaka anamwino kwathu. Chololedwa n'choti namwino afunsire yekha ntchito imene yalengezedwa, mwachindunji, popanda wapakati. Ndiye aliyense wonena kuti ndine ajenti, ndimatenga manesi ku Malawi, wadziulula yekha. Mnzanuyo alowe pa masamba olengeza ntchito a NHS Jobs kapena Trac, alembe yekha. Inu mumuwerengere chiganizo chimene amafotokozamo chifukwa chake akuyenera ntchitoyo, chifukwa ife a kwathu timalemba modzichepetsa, pomwe kuno amafuna unene kuti usiku ndinkayang'anira wodi ya odwala ochuluka chotere ndili ndekha, wina atakomoka ndinachita chakuti ndi chakuti. Mumuuzenso zoona kuti mipata ya manesi ochokera kunja yachepa poyerekeza ndi zaka zapitazo, akanidwa kambiri, asasiye ntchito yake kumudzi asanagwire CoS ndi viza m'manja. Kampani iliyonse imene yamuyankha aifufuze pa gov.uk, pa Register of licensed sponsors, koma akumbukire kuti yanga ija inaliponso. Kupezeka pa mndandanda sikutanthauza kuti ili ndi maola oti ikupatse. Afunse kontirakiti yolembedwa, aone ndalama imene adzabweze akachoka msanga, intavyu ikhale ya pa vidiyo ndi anthu a imelo ya chipatala, osati ya Gmail.

Ine ndinalumbira kuti sindidzalumikizanso munthu ndi munthu, ndipo inunso ndikukuuzani, musakhale mlatho wa aliyense, zikavuta dzina limene lidzatchulidwe kumudzi ndi lanu. Komabe musamutaye mnzanuyo, mukangoti ayi n'kukhala chete apita yekha kwa bamboyo mawa lomwe. Inenso amene ananditulutsa m'masiku 60 aja ndi achimwene ena a pa gulupu yomweyo, amene sitinkayankhulana n'komwe. Anandigoneka pabalaza pawo, anakalankhula ndi manejala wa nyumba yosamalira okalamba imene ankagwirako kale, anandiitana ku intavyu, CoS yatsopano inatuluka masiku asanathe, osalipira ngakhale tambala. OSCE ankandiyesa ndi iwowo pa tebulo la kukhitchini, pilo ndiye wodwala. Ndiye ngati ku wodi kwanu kwatuluka malo, mutumizireni linki, ndipo mukawauze a manejala anu kuti pali mnzanga wafunsira, mumuonere. Ndalama yokha isadutse m'manja mwanu, ngakhale yoti mukamulipirire mayeso, alipire yekha ndi khadi kapena mukhale naye pa foni pamene akulipira.

Bamboyo nditumizireni nambala yake kumbali, ndikufuna ndione ngati si yemwe uja wasintha dzina la kampani. Mnzanuyo mumpatse yanga, mabuku a OET ndikadali nawo.