Abwana akufuna kudziwa opaleshoni yanga: ndiulule mpaka pati?

"Ndagwira ntchito zaka zitatu pa kampani ina kuno ku Mzuzu. Mwezi wamawa andichita opaleshoni yomwe sindifuna kuti itchuke, ndipo adokotala akuti ndidzapume masabata awiri. Abwana akuti sasaina tchuthi ndisanawauze vuto lenileni, pomwe mu ofesi mwathu nkhani sigona. Achemwali akuti ndingonama kuti kumudzi kwagwa maliro. Nditani?" Mayi wa ku Chibavi

Mayi, nzeru za achemwalizo zisiyeni. Milandu yotere ndaiona ikugwa, ndipo chimaigwetsa si matenda ayi, ndi bodza komanso kusowa pepala.

Ndime 46 ya Lamulo la Ntchito la 2000 imati amene wakwanitsa miyezi 12 pantchito ali ndi masabata anayi a tchuthi cha matenda pa malipiro onse, ndi ena asanu ndi atatu pa theka, chaka chilichonse. Koma olemba ntchito sakakamizika kupereka tchuthicho popanda kalata ya dokotala wovomerezeka yofotokoza chimene chikukulepheretsani kugwira ntchito. Msampha uli pamenepa. Munthu, chifukwa cha manyazi, amapempha pakamwa masiku atatu a maliro. Bala likachedwa kupola, masiku aja amafika khumi, kenaka wina wamuona kuchipatala. Pofika pa bwalo la kampani mlandu sukhalanso wa matenda, wasanduka wonama ndi kujomba, zomwe zingachotsetse munthu ntchito. Kalata yobwera pambuyo nthawi zina imathandiza, koma mawu anu amakhala atapepuka kale.

Nanga muulule zingati? Mmene ndikuonera ine, chimene abwana akuyenera kudziwa ndi choti simungagwire ntchito, kuyambira liti mpaka liti. Pemphani adokotala alembe kuti muchitidwa opaleshoni ndipo mufunika kupuma masiku 14, osatchula chiwalo. Sindingalonjeze kuti khoti lililonse lingaone choncho, poti mawu a ndimeyi ena amawamva kuti matendawo atchulidwe. Komabe ndime 21 ya malamulo oyendetsera dziko imateteza chinsinsi cha munthu, ndipo chidwi cha abwana, ngakhale chikule bwanji, si lamulo.

Lembani kalata sabata ino: masiku ake, kuti ndi zachipatala, ndi kuti kalata ya adokotala mwaphatikiza. Basi. Perekani kwa oona za antchito, ndipo akudindireni pa kope lanu. Buku lanu lakuchipatala musapereke, muli mbiri yanu yonse. Akaumirira kuti mufotokoze zambiri, apempheni alembe chifukwa chake; ambiri amafooka pomwepo.

Akakanabe, pitani ku ofesi ya zantchito ya boma musanalowe m'chipatala. Akakuchotsani ntchito, kadandauleni ku ofesi yomweyo miyezi itatu isanathe, ndipo zikakanika nkhani imapita ku khoti la milandu ya zantchito, lomwe lilipo ku Mzuzu konkuno.